Kalata yopempha kuwonjezeredwa masiku pa chimangirizo cha malamulo a toti chifukwa cha matenda

Tsokonombwe

Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene munadutsa kale m'maphunziro a zamalamulo. Ndili m'chaka chachiwiri, ndipo tinapatsidwa chimangirizo cha phunziro la toti, lomwe ndi la malamulo a kulakwira munthu wina ndi chipukuta misozi chake, Lachisanu pa 3 mwezi uno kuti tipereke Lachisanu pa 24 nthawi isanakwane 4 koloko madzulo. Chimangirizocho ndi cha mawu 2,500 ndipo chili ndi malikisi 20 mwa malikisi 100 a phunziro lonse. Lachitatu pa 15 usiku ndinayamba kumva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi, m'mawa mwake anandipeza ndi malungo, ndipo popeza ndinkasanza mankhwala anandigoneka m'chipatala kuyambira Lachisanu pa 17 mpaka Lamulungu pa 19. Lero ndi Lachitatu pa 22, ndamaliza kumene mankhwala a LA, koma ndikawerenga kwa mphindi makumi awiri mutu umayamba kulemera. Ndalemba mawu pafupifupi 900 okha.

Kalata yeniyeni ndidzaitumiza m'Chingerezi, koma pano ndaiika m'Chichewa kuti tikambirane maganizo ake:

"Okondedwa Mayi, ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndikupepesa kwambiri chifukwa chokuvutitsani pamene mwatanganidwa. Ine ndakhala ndikudwala kwambiri masiku apitawa, moti ndinatsala pang'ono kufa, ndipo makolo anga, amene amavutika kuti andilipirire fizi, ali ndi nkhawa yaikulu. Chonde mundimvere chisoni ndi kundiwonjezera nthawi ina iliyonse imene inu mungaone kuti ndi yoyenera. Mulungu akudalitseni."

Kodi kalata imeneyi ili bwino, kapena pali zimene ndiyenera kusintha ndisanaitumize?

Chinziri

Pepani ndi matenda. Koma kalatayo siikutchula dzina lanu, phunziro, ngakhale chimangirizo chimene mukunena. Aphunzitsiwo adziwa bwanji kuti ndinu ndani?

Gologolo

Achimwene, musataye nthawi ndi makalata. Mawa m'mawa pitani ku ofesi kwawo, mukagogode, akakuoneni ndi maso momwe mwaondera. Munthu wochira kumene malungo sabisika, ndipo n'kovuta kukana munthu amene waima pamaso pako kusiyana ndi kukana imelo. Ine ndinachita choncho m'chaka choyamba ndipo anandipatsa mlungu wathunthu popanda kundifunsa pepala lililonse.

MwanaWaKuNtcheu

A Gologolo, munachita mwayi, koma njira imeneyo ine inandigwetsa. Chaka chatha ndinadwala m'mimba kutatsala masiku anayi kuti tipereke ntchito ya phunziro la makontirakiti. Ndinakumana ndi aphunzitsi pakhonde, ndinawafotokozera, ndipo anandiyankha kuti palibe vuto, ndibweretse ndikachira. Ndinabweretsa patapita masiku asanu. Zotsatira zitatuluka ndinapeza kuti andichotsera malikisi a kuchedwa, chifukwa amene ankachonga ndi kulemba malikisi anali wothandizira wawo, yemwe sankadziwa chilichonse za nkhani ya pakhonde ija. Nditadandaula anandifunsa umboni wakuti ndinaloledwa, ndipo ndinalibe ngakhale kapepala kamodzi. Aphunzitsi aja sanakane, koma anati sakukumbukira tsiku limene tinagwirizana. Sindikuwaimba mlandu, pakuti kalasi yathu inali ndi anthu ambiri, koma kuyambira pamenepo ndimalemba chilichonse.

MphunzitsiWakale

Ndinathandizirapo kuphunzitsa ndi kuchonga ntchito za ophunzira kwa zaka zingapo, choncho ndilankhule monga munthu amene ankalandira makalata otere. A Tsokonombwe, poyamba pepani, ndipo chinthu chimodzi mwachichita bwino kwambiri: mukulemba tsiku loperekera lisanafike. Kalata yofika Lachitatu, ntchito ikufunika Lachisanu, ndi pempho. Kalata yomweyo ikafika Lolemba lotsatira imasanduka kudziteteza kwa munthu amene waphwanya kale lamulo, ndipo nthawi zambiri mphunzitsi sakhalanso ndi mphamvu yoiyankha yekha. Choncho ituluke lero lomwe, osati mawa.

Koma vuto lalikulu la kalata yanu ndi mawu akuti "nthawi ina iliyonse imene inu mungaone kuti ndi yoyenera". Inu mukuona ngati ndi ulemu, koma kwa wolandira ndi ntchito yowonjezera. Iwo sakudziwa kuti munadwala masiku angati, mwalemba zochuluka bwanji, ndiponso mukufuna masiku angati, ndiye ayenera kukuyankhani ndi mafunso atatu, inu muyankhenso, kenaka Lachisanu lafika nkhani isanathe. Kalata yabwino ndi imene munthu wotanganidwa angathe kuiyankha ndi mawu amodzi akuti "ndavomera". Kuti zimenezo zitheke, tsiku latsopano liyenera kutchulidwa ndi inu, pamodzi ndi nthawi yake.

Chachiwiri, chotsani nkhani ya fizi ndi ya kutsala pang'ono kufa. Sindikuchepetsa mavuto anu, koma aphunzitsi sapereka masiku chifukwa cha chisoni. Amapereka chifukwa chakuti wophunzira wina akadzafunsa kuti mnzathuyu munamulola bwanji, iwo akhale ndi chifukwa chimene angathe kuchionetsa. Masiku a kuchipatala ndi chifukwa chotere, pamene nkhawa ya makolo si umboni wa chilichonse chokhudza chimangirizo.

Kadzidzi

Ine ndikudziwa kuti munthu akadwala amayenera kudzaza fomu kwa rejisitara, ndipo amalemba mayeso apadera pamodzi ndi anzake amene anaphonya. Sindikuona chifukwa cholembera mphunzitsi.

Chinziri

A Kadzidzi, zimenezo ndi za mayeso a kumapeto kwa semesita. Mnzathuyu akunena za chimangirizo cha pakati pa semesita.

MphunzitsiWakale

A Chinziri anena zoona, komabe funso la a Kadzidzi lili ndi phindu. Sukulu zimasiyana pa nkhani ya amene ali ndi mphamvu yowonjezera masiku. Kwina ndi mphunzitsi yekha, kwina mphunzitsi amangovomereza koma wosaina ndi mkulu wa dipatimenti. A Tsokonombwe, onani pepala la ndondomeko ya phunziro limene munalandira kumayambiriro kwa semesita, ndipo mutiuze zimene likunena pa za kuchedwa.

Tsokonombwe

Ndaliona. Likunena kuti wochedwa amachotseredwa malikisi asanu mwa zana lililonse pa tsiku, ndipo ntchito yochedwa ndi masiku oposa asanu ndi awiri siilandiridwa. Likutinso wofuna kuwonjezeredwa masiku alembere mphunzitsi tsiku loperekera lisanafike, ndi kuikapo umboni wochokera kuchipatala. Za mkulu wa dipatimenti silikunena kanthu. Umboni umene ndili nawo ndi buku langa lakuchipatala, koma ndikuvutika mumtima chifukwa m'bukumo muli zinthu zina zakale zimene sindikufuna kuti aliyense wa pasukulu azione.

NesiWaUsiku

Ine si wa zamalamulo, ndimagwira ntchito m'wodi, ndipo ndinalowa m'gulu lino chifukwa cha mng'ono wanga. Nkhani ya buku lakuchipatala ndiiyankhe ndine. Musapereke buku lonse, ndipo musalisiye m'manja mwa munthu wina kuti akuperekereni. Zimene aphunzitsi akufuna ndi zinthu zochepa: dzina lanu, tsiku limene munaonedwa, tsiku logonekedwa, tsiku lotuluka, ndi siginecha kapena chidindo cha chipatala. Jambulani chikuto pamene pali dzina lanu, kenaka tsamba la ulendo unowu lokha. Ngati pa tsamba lomwelo pamwamba pali zolemba za ulendo wakale, phimbani ndi pepala loyera musanajambule, ndipo m'kalatamo munene kuti mwaphimba zolemba zosakhudzana ndi matenda ano, kuti wina asaganize kuti mukubisa madeti.

Njira yabwino koposa ndi kubwerera kwa dokotala kapena kilinishani amene anakutulutsani ndi kupempha kalata yaifupi yonena kuti munagonekedwa kuyambira pa 17 mpaka pa 19 ndiponso kuti munayenera kupuma mpaka tsiku lakuti. Kalata yotere imatha kulembedwa popanda kutchula matenda ena alionse. Vuto lake ndi lakuti mwina simungaipeze tsiku lomwelo, makamaka ngati amene anakuonani ali pa tchuthi kapena akugwira usiku. Ndiye musadikire kalatayo kuti mutumize pempho lanu. Tumizani ndi chithunzi cha bukulo, ndipo munene kuti kalata ya dokotala ikubwera.

Ndiwonjezere ngati nesi: kufooka ndi kulemera kwa mutu masiku angapo munthu atamaliza LA si zachilendo, makamaka kwa amene anagonekedwa. Koma thupi likayambanso kutentha, kapena mukayambanso kusanza, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, chimangirizo chidikire.

Gologolo

Chabwino, ndavomera kuti alembe. Koma pa za masiku, apemphe milungu iwiri. Mphunzitsi aliyense amadula pempho pakati, ndiye ukapempha masiku khumi ndi anayi umapatsidwa asanu ndi awiri, pamene ukapempha asanu ndi awiri umapatsidwa atatu. Zili ngati pamsika.

MphunzitsiWakale

A Gologolo, apa sindikugwirizana nanu, ndipo ndifotokoze pogwiritsa ntchito phunziro lomwe mnzathuyu akulemba. Pa mlandu wa kusasamala, sikokwanira kuonetsa kuti wina analakwitsa. Wodandaula amayeneranso kuonetsa kuti kulakwitsako ndiko kunabweretsa chovutacho, ndipo chipukuta misozi chimayezedwa molingana ndi zimene anatayadi, osati zimene akulakalaka. Mphunzitsi wa toti amawerenga kalata yopempha masiku ndi maso omwewo, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Funso limene lili m'mutu mwake ndi lakuti: pakanapanda matendawa, kodi wophunzirayu akanapereka pa nthawi yake? Ndipo matendawa amulanda masiku angati?

Tiyeni tiwerenge. Ntchito inaperekedwa pa 3, yofunika pa 24, amenewo ndi masiku 21. A Tsokonombwe anadwala kuyambira pa 16, titasiya usiku wa pa 15, mpaka lero pa 22, amene ndi masiku asanu ndi awiri. Masiku a pa 3 mpaka pa 15 anali bwinobwino, ndipo m'masiku amenewo analemba mawu 900 ndi kuwerenga. Choncho zimene matenda awalanda ndi mlungu umodzi, ndipo kuwabwezera pamene akanakhala ndi kusuntha tsiku kuchoka pa 24 kufika pa 31. Akapempha milungu iwiri, mphunzitsi aona mwamsanga kuti mlungu wachiwiriwo suchokera ku malungo, ndipo ayamba kukayikira ngati ntchitoyo inayambidwa n'komwe. Pempho lopitirira umboni limafooketsa ngakhale gawo limene linali loona.

Pali chifukwa chinanso chimene ophunzira sachiona. Mphunzitsi sangabweze ntchito zochonga kwa kalasi, kapena kukambirana mayankho ake m'kalasi, pamene munthu mmodzi sanapereke, chifukwa wotsalayo angaone mayankho a anzake. Milungu iwiri ya munthu mmodzi imaimitsa kalasi yonse, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha pempho lalitali limakanidwa kawirikawiri.

Gologolo

Kuwerenga kwanu kukuyesa ngati munthu amachira pa ola limene wameza mbulu womaliza wa mankhwala. Mwiniwake wanena kuti satha kuwerenga kupitirira mphindi makumi awiri. Ndiye Lachinayi ndi Lachisanu lino muwawerengera ngati masiku athunthu a ntchito?

MphunzitsiWakale

Pamenepo mwanena mfundo yoona, ndipo ndikuilandira. Masiku awiri amenewo si athunthu. Koma njira yake si kuwonjezera mlungu wongopeka. Ngati dokotala alemba kuti apume mpaka pa 24, ndiye kuti umboni ukukwana masiku asanu ndi anayi, ndipo angathe kupempha mpaka Lolemba la pambuyo pa 31. Popanda pepala lotero, ine ndikanaima pa 31, pokumbukira kuti mkati mwake muli Loweruka ndi Lamulungu zopanda makalasi.

Kadzidzi

Pepani chifukwa cha kusamvetsa kuja. Kodi funso la chimangirizocho ndi lotani? Ngati ndi la kusasamala, ingoyambani ndi mlandu wa Donoghue ndi Stevenson wa 1932, wa nkhono ya m'botolo la chakumwa uja, mufotokoze mfundo ya woweruza Lord Atkin yakuti munthu ayenera kusamala kuti asavulaze mnansi wake, ndipo theka la ntchito latha. Mwina simufunikanso kupempha masiku.

Tsokonombwe

Funsolo ndi nkhani yopeka ya mlimi amene anamwa mankhwala ophera tizilombo mwangozi, anapita kuchipatala usiku, dokotala wa pa ntchito sanadzuke kudzamuona, anangouza nesi kuti amupatse mankhwala a m'mimba ndi kumubweza kunyumba, ndipo anamwalira m'mawa. Tikufunsidwa kulangiza mkazi wake wamasiye. Mawu 900 amene ndalemba ndi okhudza udindo wosamala ndi kuphwanya udindowo. Donoghue ndamutchula kale, pamodzi ndi mlandu wa Bolam wa 1957 wokhudza muyezo wa kusamala kwa madokotala. Chatsala ndi gawo loonetsa ngati kulakwitsa kwa dokotala ndiko kunabweretsa imfayo, ndi gawo la chipukuta misozi.

MphunzitsiWakale

Ndiye a Kadzidzi, malangizo anu sangamupulumutse, chifukwa pa funso limeneli udindo wosamala si pamene pali mkangano. Palibe amene angatsutse kwa nthawi yaitali kuti chipatala chimene chalandira wodwala usiku chili ndi udindo pa iye. Funsoli laumbidwa motsatira mlandu wa Barnett, wopezeka m'mabuku a milandu a 1969, wa mlonda wa usiku wa ku London amene anamwa tiyi wokhala ndi poizoni, napita kuchipatala, dokotala osabwera kudzamuona. Khoti linapeza kuti dokotalayo analakwitsadi, komabe mkazi wamasiye sanapambane, chifukwa umboni unaonetsa kuti ngakhale akanamuona, mankhwala othetsa poizoniyo sakanaperekedwa pa nthawi yoti n'kumupulumutsa. Malikisi ambiri a chimangirizo ichi ali pamenepo, pa kuona ngati nkhani ya mlimiyu ikufanana ndi ya mlonda uja kapena ikusiyana nayo. Sindipitirira apa, pakuti ntchitoyo ndi ya mwiniwake.

Ndatchula izi chifukwa zikukhudza kalata. A Tsokonombwe, gawo limene latsala ndilo lolemera, ndipo silingalembedwe usiku umodzi ndi mutu wopweteka. Nenani zimenezi m'kalatamo m'chiganizo chimodzi: zimene mwamaliza ndi zimene zatsala. Mphunzitsi amene anaumba funsolo akangoona kuti mukudziwa pamene pagona nkhani, adziwa kuti munali pa ntchito matenda asanabwere. Ikaninso zimene mwalembazo pa imeloyo, ngakhale zili zosakonza. Umenewo ndiwo umboni wachiwiri, ndipo kwa ine unkalankhula kwambiri kuposa chidindo cha chipatala.

MwanaWaKuNtcheu

Za kutumiza ntchito yosamaliza ine ndili ndi mantha nazo. Bwanji aphunzitsi akangoti, popeza walemba kale, tichonga zomwezi? Kapena akaona zolakwika m'menemo, kodi sizingawatsalire m'mutu pamene akudzachonga ntchito yomaliza?

Chinziri

Angolemba pamwamba pake kuti ndi ntchito yosamaliza, yotumizidwa ngati umboni chabe, osati yoti ichongedwe.

MwanaWaKuNtcheu

Zimenezo zikuyankha funso langa loyamba, koma lachiwiri likadalipo. Munthu sungaiwale zimene wawerenga chifukwa chakuti pamwamba palembedwa kuti usazichonge. Ine ndikanangonena kuti ndili wokonzeka kuonetsa zimene ndalemba ngati angafune, osati kuzitumiza asanapemphe.

MphunzitsiWakale

Njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka. Zimene ndinaona ine ndi zakuti mphunzitsi amangotsegula, kuona kuti masamba alipodi, ndi kutseka, chifukwa alibe nthawi yowerenga ntchito imodzi kawiri. Koma aphunzitsi ndi osiyana, ndipo a Tsokonombwe ndi amene akuwadziwa awo.

NesiWaUsiku

Ndifunse ngati munthu wakunja: kodi n'kofunika kutchula kuti ndi malungo? Kuntchito kwathu timaphunzitsidwa kuti matenda a munthu ndi chinsinsi chake.

MphunzitsiWakale

Achemwali, sikofunika. Chimene chikufunika ndi kunena kuti munthu anadwala, anagonekedwa, masiku akuti, ndipo umboni ndi uwu. Pa malungo ambiri amangotchula chifukwa palibe chochititsa manyazi, ndipo aliyense m'dziko muno akudziwa momwe amafooketsera. Koma wodwala matenda amene sakufuna kuwatchula ali ndi ufulu wongoti "matenda amene anandigonetsa m'chipatala", ndipo ngati mphunzitsi aumirira kudziwa zambiri, nkhaniyo ingadutse kwa mkulu woona za ophunzira, amene angatsimikize popanda kuulula.

Tsokonombwe

Zikomo kwambiri nonse. Ndalembanso motere. Pa mutu wa imelo ndaika dzina la phunziro, nambala yanga ya sukulu, ndi mawu akuti pempho lowonjezera masiku a chimangirizo cha pa 24.

"Okondedwa Mayi, ndine wophunzira wa chaka chachiwiri m'phunziro lanu la toti, ndipo dzina langa ndi nambala yanga zili m'munsimu. Ndikupempha kuti mundilole kupereka chimangirizo cha kusasamala, chimene chikufunika Lachisanu pa 24, Lachisanu lotsatira pa 31 nthawi isanakwane 4 koloko madzulo. Ndinapezeka ndi malungo pa 16, ndinagonekedwa m'chipatala kuyambira pa 17 mpaka pa 19, ndipo ndamaliza mankhwala lero pa 22, moti kwa masiku asanu ndi awiri sindinathe kugwira ntchitoyi. Ndisanadwale ndinali nditalemba mawu pafupifupi 900 okhudza udindo wosamala ndi kuphwanya udindowo, ndipo chatsala ndi gawo la chimene chinabweretsa imfa ndi la chipukuta misozi. Ndaika chithunzi cha tsamba la buku langa lakuchipatala, pamene ndaphimba zolemba zakale zosakhudzana ndi matenda ano, komanso zimene ndalemba mpaka pano, zomwe ndi umboni chabe osati zoti zichongedwe. Ndikupempha kalata kwa dokotala ndipo ndidzaibweretsa ndikangoilandira. Ngati pa 31 sipangatheke, chonde ndiuzeni tsiku limene lingatheke, ndiponso ngati pali fomu imene ndiyenera kudzaza. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu."

Chinziri

Iyi ndiye kalata. Funso limodzi lokha: aphunzitsiwo ali ndi digiri ya udokotala kapena ayi? Ngati ali nayo, musawalembere kuti Mayi.

Tsokonombwe

Ali nayo. Ndimaona ngati kuti Mayi ndi ulemu waukulu.

Chinziri

Kumudzi ndi ulemu waukulu, koma m'kalata ya kusukulu lembani Dokotala ndi dzina lawo la bambo, monga momwe zalembedwera pa pepala la ndondomeko ya phunziro. Aphunzitsi ambiri aakazi amaona kuti anzawo aamuna amatchulidwa ndi udindo wawo pamene iwo amangotchedwa mayi, ndipo si bwino kuyamba pempho ndi chinthu chimene chingawakhumudwitse.

Gologolo

Chiganizo chakuti "ngati pa 31 sipangatheke" ndi chimene ndikanachotsa. Mwawatsegulira khomo loti adule masiku musanayambe n'komwe.

MphunzitsiWakale

Ine ndikanachisiya. Popanda chiganizo chimenecho, mphunzitsi amene sangathe kupereka pa 31 ali ndi yankho limodzi lokha, lomwe ndi kukana. Chiganizocho chikumupatsa njira yapakati popanda kubwereranso ku mawu aja a "nthawi ina iliyonse", chifukwa tsiku lanu mwalitchula kale ndipo zokambirana zikuyambira pamenepo.

Chimene ndikufuna kutsindika tsopano ndi cha masiku awiri akubwerawa. Kutumiza kalata si kuloledwa. Mpaka yankho lolembedwa litafika, tsiku lanu likadali pa 24. Tumizani kuchokera pa adiresi ya imelo ya sukulu ngati muli nayo, kuti uthengawo usasochere, ndipo sungani umboni wakuti munatumiza pa 22. Ngati pofika mawa masana simunayankhidwe, pamenepo malangizo a a Gologolo agwire ntchito: pitani ku ofesi ndi kalatayo yosindikiza, ndipo ngati aphunzitsi palibe, isiyeni kwa mlembi wa dipatimenti ndi kupempha kuti adinde tsiku pa kope lanu. Mukaloledwa pakamwa, lembani imelo yaifupi tsiku lomwelo yothokoza ndi kubwereza tsiku limene mwagwirizana, kuti zimene zinachitikira a MwanaWaKuNtcheu zisakuchitikireni.

MwanaWaKuNtcheu

Nanga Lachisanu likafika yankho lisanabwere, apereke zosamalizazo kapena adikire?

MphunzitsiWakale

Limeneli ndi funso lovuta, ndipo yankho lake lili pa kuwerenga malikisi. Chimangirizo chopanda gawo la chimene chinabweretsa imfa sichingakhoze, chifukwa chasiya mtima wa funso. Chimangirizo chathunthu choperekedwa Lolemba pa 27, ngati masiku a kumapeto kwa mlungu akuwerengedwa, chingataye malikisi 15 mwa 100, amene ndi malikisi atatu okha mwa 20 aja. Munthu amene akanapeza 65 angatsale ndi 50, pamene ntchito ya mawu 900 mwina singafike ngakhale 35. Choncho kuchedwa pang'ono ndi ntchito yathunthu kumaposa kupereka ntchito yatheka pa nthawi yake, ndipo chilangocho chingathe kuchotsedwa pambuyo pake popeza pempho linatumizidwa nthawi isanakwane. Choopsa ndi malire a masiku asanu ndi awiri aja. Pa 31 ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri lenileni, moti munthu wosaloledwa sayenera kuyandikira pamenepo.

Tsokonombwe

Ndinatumiza dzulo cha m'ma 5 koloko madzulo, nditasintha malonje kukhala Dokotala. Zosamaliza zija ndinazitumiza, ndipo chiganizo chimene a Gologolo sanachikonde ndinachisiya. Ayankha m'mawa uno. Andipepesa chifukwa cha matenda, ndipo andilola kupereka Lachitatu pa 29 masana, osati pa 31, chifukwa Lachinayi pa 30 akufuna kukambirana funsoli m'kalasi ndipo ntchito zonse ziyenera kukhala zitalowa. Atinso ndikaonetse buku lenileni lakuchipatala kwa mlembi wa dipatimenti, amene angoona tsambalo ndi kundibwezera pomwepo.

Gologolo

Mwaona, adula masiku awiri. Mukanapempha milungu iwiri mukanapeza pa 31.

Chinziri

Sakanapeza. Chifukwa chimene apereka ndi kalasi ya pa 30, ndipo kalasi imeneyo ikanakhalapobe ngakhale akanapempha mwezi.

Gologolo

Kapena akanasuntha kalasiyo, ataona kuti vuto ndi lalikulu. Zimenezo sitingazidziwe.

NesiWaUsiku

Popita kwa mlembiyo mutsegule nokha tsambalo, ndipo masamba akale muwamange ndi kalabala kapena muwapanikize ndi kawaya kopanira mapepala, kuti buku lisatseguke palokha. Kalata ya dokotala ija muipezebe ngakhale mwaloledwa, chifukwa mphamvu zikachedwa kubwerera ndipo mukafuna kupemphanso, adzakufunsani pepala latsopano, osati lomweli.

Tsokonombwe

Ndamva, achemwali. Kwa mlembi ndipita lero masana ndikadya, ndipo kuchipatala ndipita mawa m'mawa, pakuti andiuza kuti kilinishani amene ananditulutsa adzakhalapo. Ndayankha kale imelo ya aphunzitsi kuvomereza tsiku la pa 29 masana. Madzulo ano ndiyamba kuwerenga chigamulo cha Barnett pang'onopang'ono, makamaka pamene woweruza akuwerenga maola kuchokera pa nthawi imene mlonda uja anafika kuchipatala, chifukwa funso lathu nalonso latchula maola ndipo sindinawaike pa mzere umodzi kuti ndione ngati mlimiyo akanapulumuka.